Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masamu: kutola zinthu m'thumba osabwezeramo

A Wapampando, a komiti, makolo ndi aphunzitsi anzanga a gulu lathu lothandiza ana masamu Loweruka kuno ku Joni, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munanditumako ku Braamfontein. Ndalama ya takisi ndi chakudya ndinagwiritsa ntchito monga tinagwirizanirana, ndipo malisiti ali kwa a msungichuma. Chigawo cha m'mawa chinali cha kalembedwe ka ndondomeko ya maphunziro, ndipo munalibe chachilendo. Chimene ndikuona kuti chabweza ndalama yanu ndi chigawo cha masana, chokhudza masamu a mwayi amene ana a Giredi 11 amaphunzira ndipo amadzakumana nawonso pa pepala loyamba la matiriki.

Mayi amene ankatsogolera anaika m'thumba zitsekerero za mabotolo 8, zofiira 5 ndi zobiriwira 3, ndipo anafunsa mwayi wotola zofiira ziwiri motsatizana ngati choyambacho sichibwezedwa. Yankho limene ana ambiri amalemba ndi 5/8 × 5/8 = 25/64. Mayiwo sanafulumire kulitsutsa. Anatola chofiira chimodzi, nachiika patebulo pamene tonse tinkachiona, kenako anakhuthula thumbalo kuti tiwerenge zotsala. Munatsala zitsekerero 7, ndipo zofiira zinali 4 zokha. Choncho mwayi wachiwiri ndi 4/7, ndipo yankho loona ndi 5/8 × 4/7 = 20/56, kapena kuti 5/14. Wolemba 25/64 wawerengera chitsekerero chimene chili patebulo ngati kuti chikadali m'thumba.

Lamulo lakuti P(A ndi B) = P(A) × P(B), pamene P akuimira mwayi ndipo A ndi B ndi zochitika ziwiri, limagwira ntchito pokhapokha ngati zochitika ziwirizo sizidalirana, kutanthauza kuti zotsatira za choyamba sizisintha mwayi wa chachiwiri. M'thumba lathuli, choyamba chikakhala chofiira, mwayi wa chofiira chachiwiri ndi 4/7, koma choyamba chikakhala chobiriwira, zofiira zonse 5 zimatsalamo ndipo mwayiwo umakwera kufika pa 5/7. Manambala awiriwa akasiyana, kudalirana kulipo, ndipo lamulo lija silingagwiritsidwe ntchito.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi chifukwa chimene ngakhale ana anzeru amakodwera. Ngati munthu sanaone mtundu wa chitsekerero choyamba, mwayi woti chachiwiri chikhale chofiira ndi 5/8 × 4/7 + 3/8 × 5/7 = 20/56 + 15/56 = 35/56, yomwe ndi 5/8 yomwe ija. Mwana akaona zimenezi amaganiza kuti palibe chasintha. Komatu funso la zofiira ziwiri likufuna mwayi wa chachiwiri pamene choyamba chatuluka kale chofiira, ndipo umenewo ndi 4/7 basi. Njira yachidule yomutsimikizira mwana ndi kumufunsa mwayi wotola zobiriwira 4 motsatizana. Njira yolakwika ija imapereka 81/4096, pamene m'thumba muli zobiriwira 3 zokha ndipo chinthucho n'chosatheka.

Apa ndiyenera kunena za mayeso athu a mwezi watha, chifukwa funso lake linali la mtundu womwewu. Pepala la mayankho limene tinapatsidwa linachulukitsa nambala imodzimodzi kawiri, ndipo ana amene anachepetsa zotsala m'thumba anachotseredwa malikisi. Nkhaniyi ndinaidandaula ku komiti, ndipo ndinayankhidwa kuti kusiyana kwake n'kochepa. N'zoona kuti 25/64 ndi pafupifupi 0,39 ndipo 5/14 ndi pafupifupi 0,36, koma kuyandikana kwa manambala sikukonza maganizo olakwika. Kusiyanaku kumachepa kwenikweni zinthu zikakhala zambiri: m'thumba la zofiira 500 ndi zobiriwira 300, mwayi wachiwiri ndi 499/799, umene uli pafupi kwambiri ndi 5/8. Ngakhale pamenepo yankholo n'longoyerekeza, ndipo mafunso amene ana athu amakumana nawo amakhala a zinthu zochepa. Mpaka lero ana aja sanabwezeredwe malikisi awo, ndipo ena ayamba kukayikira njira yolondola imene ankaidziwa bwino.

Msonkhano unagwirizana kuti mwana azijambula chithunzi cha nthambi asanachulukitse chilichonse, ndipo pa nthambi iliyonse azilemba chiwerengero cha zotsala m'thumba. Ine ndikuvomereza, koma ndikuona kuti chithunzi chokha sichikwanira, chifukwa mwana akhoza kujambula nthambi zokongola n'kulembanso 5/8 paliponse. Ayambe wagwira thumba lenileni ndi manja ake, awerenge yekha zotsala, ndipo azifunsidwa nthawi zonse ngati chotoledwacho chabwezedwa kapena ayi. Chigawo chotsiriza chinali cha zisankho za atsogoleri, ndipo sichikutikhudza.

Ndikupempha kuti komiti ilole mapepala a mwezi watha achongedwenso Loweruka likubwerali, ndiponso kuti kholo lililonse litumize mwana ndi zitsekerero za mitundu iwiri, kuti kalasi ya Giredi 11 idzabwereze phunziroli tisanapite pa mutu wina.