Tibwezereni maonekedwe akale a apu yanu ya imelo

Inu eni ake a apu ya imeloyi, ndikulemba pano poyera chifukwa kumbali mwandiyankha mwachipongwe. Anzanga amene mukuwerenga, mundiuze ngati ndikunama.

Sabata yatha kapena inayo, foni inadzipangira yokha apudeti usiku. Kale kalata iliyonse inkakhala pamzere wakewake, yatsopano pamwamba, yosawerenga ili ndi zilembo zakuda kwambiri. Pano mwamanga pamodzi makalata onse a mutu umodzi kukhala mtolo umodzi, ndipo chongooneka ndi kanambala kakang'ono pambali pa dzina. Ngati sikokwana, mwasinthanso ntchito ya chala. Kale ndikakokera kalata kumanzere, inkangoikidwa chizindikiro choti ndaiwerenga. Pano ikuchoka mu Inbox n'kupita ku Archive, ndipo sikupita yokha, ukupita mtolo wonse.

Taonani zimene zandichitikira. Kasitomala wina ndinamutumizira kotesheni, tinayankhana kangapo pa mutu womwewo. Kenako iye anatumiza fayilo yosainidwa, atasintha kuchuluka kwa katundu, n'kupempha kuti nditsimikize lisanathe tsiku. Kalatayo inalowa mumtolo muja. Pamzere panaoneka mutu wakale womwe uja wokhala ndi Re: kutsogolo, kachizindikiro ka fayilo sikanaoneke chifukwa mwakachotsa pamndandanda. Ndinakoka chala monga ndachitira zaka zonsezi, mtolo n'kuzimiririka. Kauthenga ka Undo kanangoti phethi pansi pa sikirini n'kusowa. Munthu anadikira yankho langa mpaka anakagula kwina, ndipo lero akundiona ngati wosasamala ntchito. Kalatayo ndinadzaipeza pambuyo pake nditalemba dzina lake posakira, ili phee mu Archive.

Musandiuze kuti sindinayese. Ndalowa mu Settings, ndafufuza paliponse batani lozimitsira kumanga mitoloku, palibe. Pakompyuta lilipo, ndalizimitsa, koma foni sikutsatira. Ndapanga Clear cache, ngakhale ndikudziwa kuti imangochotsa mafayilo osakhalitsa, sikhudza maonekedwe. Uninstall updates imapezeka pa mapulogalamu amene anabwera ndi foni, ndipo yanuyi ndinachita kuikamo ndekha. Kuichotsa n'kuiikanso kumangobweretsa yatsopano yomweyi. Ena akuti ndikatenge fayilo ya apu yakale pamasamba achilendo. Ayi, sindingalowetse pasiwedi ya makalata a ntchito mu chinthu chosadziwika kumene chachokera.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi wantchito wanu wa pa macheza othandiza makasitomala. Ndinamufotokozera zonsezi mwaulemu, ndinatumiza ndi zithunzi za sikirini. Anandiyankha kuti palibe chawonongeka, ndingozolowera, anthu ambiri akuikonda. Nditamufunsa ngati angapereke dandaulo langa kwa akuluakulu ake, anati vuto ndi ine kusadziwa kugwiritsa ntchito foni, n'kutseka machezawo ndikadalemba. Bambo inu, kaya mayi, ine ndataya kasitomala, inu mukundiuza za kuzolowera? Kodi ophunzitsa antchito anu amawauza kuti azitero? Ndimalipira mwezi ndi mwezi malo osungira a 100 GB, ndipo tsiku lodula ndalama simuphonya ngakhale kamodzi.

Sindikukana kusintha. Mitundu, zithunzi, mabatani ozungulira, chitani nazo mmene mukufunira. Koma chala chimene chazolowera kuchita chinthu china simungachipatse ntchito ina mwakachetechete, makamaka ntchito yochotsa makalata pamaso pa mwini wake. Mukanaika chenjezo poyamba kutsegula, kapena kutifunsa kuti tisankhe. Ndipo ganizirani achikulire amene anaphunzitsidwa kamodzi pokanikiza, lero akuganiza kuti makalata awo afufutidwa.

Ndikufuna batani mu Settings ya pafoni loti makalata azioneka imodziimodzi ngati kale. Ndikufunanso kuti ndizisankha ndekha chimene kukoka chala kumachita, kapena kukuzimitsa kumene, ndipo kachizindikiro ka fayilo kabwerere pamndandanda. Wantchito uja mumuyankhule, macheza athu muli nawo, awerengeni.

Mukapanda kuyankha zomveka tsiku lodula ndalama lisanafike, ndisiya kulipira. Akaunti yanga imalola IMAP, njira yowerengera makalata kudzera mu apu ina, ndiye kuilumikiza ku apu ina ndi nkhani yongolemba adilesi ya imelo, pasiwedi, dzina la seva ndi poti 993, makalata onse n'kuonekera kumeneko. Ndikatero ndiwakopera, ndisamuke, ndipo onse amene ndinawakopa kuti abwere kwa inu ndiwathandiza kusamuka ndi manja angawa.

Amene mwasowa makalata chisinthireni apuyi, kayang'aneni mu Archive musanaganize kuti afufutidwa, kenako mulembe pansipa kuti eni akewa aone kuti sindili ndekha. Inu eni ake, mundiyankhe pano pomwe, musanditumizenso kwa munthu uja.