Lipoti la msonkhano wa kakonzedwe ka malipoti olembedwa pa templeti kapena ndi makina

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma kumsonkhano uja. Malisiti a ulendo ndi zotsala za alawansi ndapereka kale kwa a msungichuma. Ndikudziwa kuti ena munkati ndalamazo zikanagwira ntchito ina, ndiye ndifotokoza zimene ndatengako kuti muweruze nokha.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera m'malonje ndi zokamba za akuluakulu. Gawo la mbiri ya makompyuta linali lalitali ndipo mulibe chotikhudza. Chimene chinandigwira mtima ndi gawo la masana, pamene mphunzitsi anatigawira lipoti la maphunziro a masiku atatu, lolembedwa ndi makina, pamodzi ndi kaundula wa obwera ndi maminitsi a maphunzirowo, n'kuti tilikonze.

Poyamba anatifotokozera chifukwa chake malipoti otere amafanana onse. Pulogalamu ngati ChatGPT imalemba posankha mawu amene kawirikawiri amatsatana m'zolemba zambirimbiri zimene inaphunzirirapo. Siinakhale nawo pa maphunziro anu, ndipo kaundula wanu siinamuone pokhapokha mwaipatsa. Choncho imatulutsa mawu oti n'kukwana paliponse, ndipo pamene chiganizo chikufuna nambala, imatha kuikapo nambala yooneka yoona. Templeti nayo ili ndi vuto lake: mawu ake analembedwa ntchito isanachitike, ndipo wodzaza akafulumira amasiya deti kapena dzina la m'lipoti lapita.

Chiganizo choyamba cha lipoti lija chinali chakuti: "Maphunzirowa anayenda bwino kwambiri ndipo anthu ambiri anapindula, zomwe zikusonyeza kudzipereka kwathu pa chitukuko." Mphunzitsi anatifunsa funso limodzi: kodi chiganizochi mutachidula n'kuchimata m'lipoti la bungwe lina, la ntchito ina, chingafunike kusintha liwu ngakhale limodzi? Tonse tinati ayi. Ndiye anati chiganizo chotero sichikunena kanthu za ntchito yanu, chidulireni mzere wofiira. Titayesa ndime zonse ndi funso limeneli, tsamba loyamba linafiira pafupifupi lonse.

Koma kudula mzere ndi ntchito yophweka. Chovuta ndi choikapo. Pa chiganizo chilichonse chofiira tinkafunsa kuti ndani, angati, liti, anachita chiyani, ndipo yankho linayenera kuchokera papepala limene lili pamaso pathu. Kaundula ankasonyeza kuti oitanidwa anali 40, tsiku loyamba anasaina 31, ndipo tsiku lachitatu anasaina 24. Pomwe m'ndime yachiwiri ya lipoti la makina munalembedwa kuti "opitirira 90 peresenti anamaliza maphunziro". Nambala imeneyo sinali paliponse m'mapepala. Anthu 24 mwa 40 ndi 60 peresenti, ndipo 24 mwa 31 ndi 77 peresenti. Ngakhale muwerengere mbali iti, pa 90 simufikapo. Chinandidabwitsa n'chakuti ambiri m'gulu lathu chiganizo cha 90 chija anachisiya osachidula mzere, poti chinali ndi nambala ndipo chimaoneka ngati chenicheni. Apa mpamene pali msampha. Chiganizo chopanda kanthu chimangotayitsa nthawi wowerenga, koma nambala yopeka imamunamiza, ndipo wosaina pansi ndi amene adzayankhe.

Tinalembanso motere: "Mwa anthu 40 amene tinaitana, 31 anabwera tsiku loyamba ndipo 24 anafika mpaka tsiku lachitatu." Peresenti tinaichotsa dala, chifukwa pa anthu ochepa chonchi manambala enieni ndiwo amamveka, komanso wowerenga sasokonezeka kuti tawerengera pa 40 kapena pa 31. Kenako mayi wina anati tionjezere kuti anthu 7 amene sanafike tsiku lachitatu anasiya chifukwa cha mayendedwe. Mphunzitsi anamufunsa kuti zalembedwa pati. Maminitsi ankangoti tsiku lachitatu linayamba mochedwa, za mayendedwe munalibe. Ndiye tinagwirizana kuti chifukwa chimene sitinafunse eni ake sitingachilembe ngati choona. Mwina muwaimbire anthuwo muwafunse, apo ayi mulembe kuti chifukwa chake sichinafufuzidwe. Mawu akuti "anapindula" nawo anagwa, poti panalibe mayeso kapena china chosonyeza zimene anthuwo anatha kuchita atamaliza.

Kuti tione kuti si nkhani yamasewera, anatikumbutsa zimene zinachitika ku New York m'chaka cha 2023, pa mlandu wa munthu amene anasumira kampani ya ndege ya Avianca. Maloya ake anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale 6 imene ChatGPT inangopeka, yokhala ndi mayina ndi manambala ooneka enieni. Khoti litaifufuza silinaipeze, ndipo woweruza anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Panangofunika kuti wina atsegule mabuku a milandu n'kufufuza dzina lililonse chikalatacho chisanatumizidwe.

Tsiku lomaliza kunali zokamba za kasungidwe ka mafayilo, zomwe timachita kale, kenako mfundo zomanga. Anagwirizana kuti lipoti lililonse lizionedwa ndi munthu wachiwiri amene sanalilembe, ndipo nambala, deti ndi dzina lililonse aziliika chizindikiro pokhapokha waliona m'kaundula, m'malisiti kapena m'maminitsi. Imeneyi ndinaivomereza ndi mtima wonse. Mfundo inayo, yoti pansi pa lipoti pazilembedwa ngati makina anathandiza kulemba, sindikuikana, koma ndinanena pomwepo kuti payokha siteteza aliyense. Lipoti lodzaza pamanja pa templeti likhoza kunama mofanana, ndipo ndikuopa kuti ena azidzangolemba mzerewo n'kuona ngati ntchito yofufuza yatha.

Tsono a wapampando, mundilole ndinene za kwathu kuno, chifukwa mfundo yoyambayi sitingaikwanitse ndi mmene timachitira. Lipoti lathu lapita linafika kwa ife a komiti madzulo, mawa lake likutumizidwa. Munthu angafufuze chiyani usiku umodzi, kaundula ali wokhomeredwa mu ofesi? Lipoti lomwelo linali ndi ndime ya "mavuto amene takumana nawo" yofanana liwu ndi liwu ndi ya lipoti lathu la m'mbuyo mwake, chikhalirecho tonse tikudziwa kuti vuto lalikulu la miyezi imeneyo linali kusiya kwa odzipereka athu, ndipo silinatchulidwe n'komwe. Ndinadandaula pamsonkhano wathu, dandaulolo silinalowe m'maminitsi, ndipo mpaka lero palibe yankho. Sindikuloza chala mlembi wathu, ntchito imamuchulukira ndipo templeti ndi imene imamupulumutsa. Koma amene amatithandiza akadzaika malipoti awiriwo pamodzi, adzayamba kukayikira ngakhale manambala athu oona.

Ena adzati kulemba kuti 24 mwa 40 kungatichotsere thandizo, ndi bwino kungoti "ambiri". Ine ndikuti wowerenga malipoti tsiku ndi tsiku mawu akuti "ambiri" amawadziwa bwino, ndipo akapempha kaundula tidzasowa chonena. Nambala yotsika yokhala ndi chifukwa chofufuzidwa imatipatsanso poyambira popempha kuti dongosolo la maphunziro lisinthe.

Ndikupempha komiti kuti pamsonkhano ukubwerawu isankhe munthu wachiwiri woona malipoti, ndipo lipoti lizimufika kutatsala sabata yathunthu, limodzi ndi makope a kaundula, malisiti ndi maminitsi. Ndikupemphanso kuti ndime ya mavuto ndi ya zotsatira tizisiya zopanda mawu pa templeti yathu, kuti zizilembedwa mwatsopano nthawi iliyonse. Mapepala amene tinagwiritsa ntchito ndabwera nawo, ndipo mukandipatsa ola limodzi tingayesere limodzi pa lipoti lathu lapitalo.