Pachifuwa Pamandithina Ndikadya: Kodi Ndi Chilungulira Kapena Mtima?

Okondedwa a Dokotala,

Ndine bambo wa zaka 54, mphunzitsi wa kupulayimale m'boma la Dedza, ndipo ndakulemberani chifukwa cha vuto limene landisowetsa mtendere kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ndikadya, makamaka chakudya chamadzulo, pachifuwa pamandithina ngati munthu wandimanga lamba n'kumakoka. Kuchipatala anandiuza kuti ndi chilungulira, ndipo kwa nthawi yaitali ndinakhutira ndi yankho limenelo, koma zimene zinandichitikira milungu iwiri yapitayi zandibwezera mantha amene ndinali nditawataya.

Vutoli linayamba usiku wina titachokera kuchinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga. Kumeneko ndinadya nsima yambiri ndi nyama ya nkhumba yokazinga, ndinathira tsabola wa kambuzi, n'kutsitsira zakumwa zozizilitsa kukhosi mabotolo awiri, ndipo nditangofika kunyumba ndinagona lisanathe ngakhale ola limodzi. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzidzimuka ndikumva kulemera pakati penipeni pa chifuwa, kuseri kwa fupa lapakati lija, ndipo ululu unkalasa mpaka kumsana. Mayi a kunyumba ataona mmene ndinkagwirira pachifuwa anadzutsa mnyamata wa kabaza, chifukwa bambo anga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 61 atadandaula za pachifuwa tsiku limodzi lokha, ndipo nkhani imeneyo m'banja mwathu sitinaiiwale.

Kuchipatala anandiyeza kuthamanga kwa magazi n'kupeza 158 pa 96. Anandimata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo kuti ajambule kagundidwe ka mtima pa makina aja amati isiji, ndipo m'mawa anabwerezanso. Maulendo onse awiri sanapeze cholakwika. Dokotala amene anandiona anandifunsa mafunso ambiri amene poyamba ndinkaona ngati akungotaya nthawi. Anafunsa ngati ululu umabwera ndikamagwira ntchito yolemetsa kapena ndikagona, ngati m'kamwa mumabwera timadzi towawasa, ngati ndimageya kawirikawiri, ndiponso ngati mawu amasasa m'mawa. Zonsezi zinali zoona kupatula za ntchito yolemetsa, pakuti tsiku lililonse ndimapalasa njinga makilomita asanu ndi limodzi kupita kusukulu, m'njira ya zitunda, osamva kanthu pachifuwa.

Anandifotokozera kuti pamene njira ya chakudya imalumikizana ndi chifu pali mnofu umene umagwira ntchito ngati chitseko. Umatseguka kuti chakudya chitsike, kenako umatseka kuti asidi wa m'chifu asabwerere m'mwamba. Chifu chikadzaza kwambiri, kapena munthu akadya zamafuta zimene zimachedwa kugayika, chitsekocho chimalobodoka ndipo asidi amakwera n'kumaotcha njira ya chakudya, imene ilibe chitetezo chonga cha m'chifu. Munthu akagona chagada atangodya, asidiyo savutikanso kukwera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti njira ya chakudya imadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima, ndipo mitsempha yonyamula uthenga wa ululu kuchokera ku ziwalo ziwirizi imakalowa malo amodzi mumsana, kotero kuti ubongo umalephera kusiyanitsa kumene ululu wachokera. N'chifukwa chake chilungulira sichibwera ngati moto nthawi zonse monga tinazolowera. Kwa anthu ena chimabwera ngati kuthina kapena kulemera, ndipo chimatha kufika kumsana, m'khosi ngakhale m'mkono, mofanana ndi matenda a mtima.

Anandipatsa omepurazolo wa mamiligalamu 20 kuti ndizimwa kapisozi mmodzi m'mawa, kutatsala mphindi 30 kuti ndidye, kwa milungu isanu ndi itatu. Anandipatsanso mapiritsi otafuna a magineziyamu oti ndizitafuna ululu ukandiyamba. Za kuthamanga kwa magazi anati ndibwerenso kawiri akandiyeze ndili wodekha, ndipo atapeza kuti sikukutsika anandiyambitsa amulodipini wa mamiligalamu 5.

Malangizo ena onse ndinawatsata mosaphonya. Chakudya chamadzulo tinachibweza kuti tizidya cha m'ma 6 koloko, pofuna kuti papite maola atatu ndisanagone, ngakhale kuti ana anadandaula. Mitanda ya nsima ndinaichepetsa kuchoka pa itatu kufika pa iwiri. Miyendo ya bedi ya kumutu ndinaiika pa njerwa kuti ikwere masentimita pafupifupi 15, popeza anandichenjeza kuti kuunjika mapilo kumangopinda munthu pamimba n'kuwonjezera vuto, ndipo ndinaphunzira kugonera kumanzere. Ndinasiya bulufeni amene ndinkamwa chifukwa cha bondo. Ndinasiyanso soda wothira m'therere amene mnzanga wina anandiphunzitsa kusungunula m'madzi n'kumwa, nditauzidwa kuti ngakhale amaziziritsa pamtima kwa kanthawi, si wabwino kwa munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi chifukwa amagwira m'thupi ngati mchere. Mkaka nawo unkandinyenga, chifukwa unkathandiza kwa mphindi zochepa kenako moto n'kubweranso.

Kunena zoona, zinthu zinasintha. Pofika mlungu wachiwiri ndinkagona mpaka m'mawa, ndipo kuthina kunkabwera mwa apo ndi apo, makamaka ndikadya tchipisi pamsika kapena ndikawerama kupalira kudimba nditangodya. Ndikatafuna magineziyamu n'kukhala tsonga, kunkatha. Ndinafika podziwa chilungulira changa ngati mmene munthu amadziwira kutsokomola kwa mwana wake: chimabwera patapita theka la ola kapena ola limodzi nditadya, chimakula ndikagona kapena ndikawerama, chimabwera ndi kugeya ndi timadzi towawasa, ndipo chimatha kukhala maola awiri ngati sindinachitepo kanthu. Mankhwala atatha, patangopita masiku ochepa chinabwereranso, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikugula omepurazolo ndekha n'kumamwa mlungu uno, kulekeza mlungu winawo.

Tsopano nachi chimene chandilembetsa kalatayi. Loweruka lina masana, nditadya nsima ya nyemba imene sinali yochuluka n'komwe, ndinanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 25 kuchokera kumsewu kupita kumunda, umene uli pamtunda. Ndili pakati pa chitunda pachifuwa panathina, koma mosiyana ndi masiku onse. Panalibe kutentha, panalibe kugeya, m'kamwa munalibe chowawasa chilichonse. Kunali kulemera kokhakokha, ndipo nsagwada za m'munsi zinkachita ngati zatopa. Mpweya unkandiperewera kuposa mmene chitunda chimenecho chimandichitira nthawi zonse. Ndinatula thumba n'kukhala pamwala, ndipo zisanathe mphindi zisanu zonse zinatheratu popanda kutafuna piritsi lililonse. Nditanyamulanso thumba n'kuyenda pang'ono, kulemera kuja kunayambiranso, kotero ndinaitana mnyamata kuti andithandize.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga agawikana. Mbali ina ndimadziuza kuti ndinali nditangodya, ndipo powerama kuti ndinyamule thumba ndinafinya mimba, choncho n'kutheka kuti anali asidi yemweyo. Koma mbali ina ndimakumbukira zimene dokotala uja ananena, kuti ululu wa mtima umabwera munthu akamadzikakamiza ndipo umaleka akapuma mphindi zochepa, pomwe chilungulira sichisamala kuti wapuma kapena ayi. Mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira za unamwino, wandiuzanso zinthu ziwiri zimene zandisokoneza kwambiri. Choyamba, akuti chakudya chenichenicho chimaupatsa mtima ntchito, chifukwa magazi ambiri amapita kumatumbo, ndiye munthu amene mitsempha yodyetsa mtima wake yachepa njira amatha kumva ululu akamayenda atangodya, ngakhale kuti wosadya amayenda mtunda womwewo bwinobwino. Chachiwiri, akuti isiji yojambulidwa munthu ali chigonere, ululu utatha, imatha kutuluka yabwino ngakhale mitsemphayo ili yopanikizika. Ngati zili choncho, ndiye kuti pepala limene ndakhala ndikulisunga m'buku langa la kuchipatala ngati umboni wakuti mtima wanga uli bwino linangonena za usiku umodzi wokhawo.

Ndiye funso langa lalikulu, a Dokotala, ndi lakuti kodi munthu angakhale ndi matenda onse awiri nthawi imodzi, chilungulira n'kumaphimba vuto la mtima? Zaka zanga, kuthamanga kwa magazi, mimba imene yayamba kutsogola, imfa ya bambo anga ndi fodya amene ndinasuta zaka 15 ndisanaleke, zonsezi zikundiloza kumodzi. Shuga sanandiyezepo chichokere chaka chathachi, ndipo ndamva kuti odwala shuga vuto la mtima limatha kuwafikira popanda ululu woonekeratu. Kodi ndikapita kuchipatala ndikapemphe kuyezedwa chiyani? Kodi kuyeza mtima munthu akuyenda pa makina, kapena kuunika mtima ndi sikani, n'koyenera kwa munthu wonga ine, ndipo ndingafunike kalata yonditumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe?

Ndikufunanso mundithandize pa nkhani ya usiku. Kwathu n'kutali ndi chipatala, ndipo sindingadzutse wakabaza nthawi iliyonse imene pachifuwa pathina, koma sindifunanso kutafuna magineziyamu pa tsiku limene ndinayenera kuthamanga. Anandiuza kuti ululu ukabwera ndi thukuta lozizira, mseru, kubanika kapena chizungulire, kapena ukapitirira mphindi 15 osasintha, ndisadikire kuti kuche. Koma mwana wanga akuti kumva bwino utatafuna magineziyamu si umboni wakuti si mtima, chifukwa ululu wa mtima umatha kuleka wokha pa nthawi yomweyo. Nanga ngati piritsi silingandiuze zoona, ndidalire chiyani? Ndipo ndikakayikira kuti ndi mtima, kodi nditafune asipirini ndili m'njira, pomwe anandiletsa mankhwala a mtundu umenewo chifukwa cha m'mimba?

Pali tinthu tina tiwiri tating'ono. Ndamva kuti amulodipini amafewetsa mnofu wotseka uja n'kuwonjezera chilungulira mwa anthu ena. Sindinasiye kumwa ndipo sindisiya popanda kuuzidwa, koma ndikufuna kudziwa ngati kuli koyenera kupempha kuti andisinthire. Komanso kamwedwe kanga ka omepurazolo, kolekeza n'kuyambiranso, sindikudziwa ngati kali bwino, kapena ngati pakufunika kuti andilowetse kachubu kounikira kummero, poti khansa ya kummero ndi yofala kuno kwathu. Pakadali pano nsima imatsika bwinobwino, sindinaonde, sindinasanzepo magazi ndipo chimbudzi sichinade.

Njinga ndaiimika kaye ndipo ndikukwera kabaza popita kuntchito, zimene zikundidyera ndalama zambiri. Chonde ndiuzeni ngati ndingayambirenso kupalasa ndisanaonedwe, kapena ngati ndipite kuchipatala mlungu uno osadikira tsiku langa lokatenga mankhwala, limene lili kumapeto kwa mwezi.

Ine wanu wodandaula,
Mphunzitsi wa ku Dedza