Za alovera: tsamba lothyola kapena jelo wogula

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalandira uthenga wako wonena kuti unapsa ndi nthunzi pamkono pamene unkavundukula poto, ndiponso kuti utapakapo alovera wothyola kumene, malowo anayamba kuyabwa ndi kutuluka tizidzolo m'malo moziziritsa. Wandifunsa ngati kuli bwino kuti usiye tsambalo n'kukagula jelo wa m'botolo. Ndakhala ndikusunga chomera chimenechi kwa zaka zambiri ndipo ndimachikhulupirira pa zimene chimatha, choncho ndikuyankha mosathamanga, chifukwa ndikuona kuti vuto linali m'mene unalikonzera tsambalo ndi nthawi imene unalipaka.

Ndiyambe ndi nthawiyo. Wanena kuti utangopsa unathamangira ku chomera. Pamenepo ndiye panalakwika poyamba, pakuti khungu likapsa kutentha kumatsalira mkati ndipo kumapitiriza kuwononga mnofu ngakhale wachoka pamoto. Chimene chimachotsa kutenthako ndi madzi ozizira oyenderera, ndipo uyenera kusiya malo opsawo m'madzimo kwa mphindi 20 zathunthu, utavula mphete, wotchi kapena chibangili malowo asanatupe. Mphindi 20 zimatalika munthu akamamva ululu, koma usazidule. Usaikepo ayezi chifukwa amaonjezera kuwononga khungu, ndipo usapakepo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Alovera amabwera pambuyo pa madzi, khungu litazizira kale, ndipo ntchito yake ndi kufewetsa ndi kuchepetsa kunyenyeza pamene khungu likudzikonza lokha.

Tsopano za tsambalo. Ukalidula mopingasa n'kuliyang'anitsitsa uona kuti lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikopa chobiriwira cholimba, mkati muli mnofu woonekera ngati galasi, woterera ndi wonanda, ndipo pakati pa ziwirizi pali utomoni wachikasu, wowawa kwambiri, wa fungo losasangalatsa. Chimene timafuna ndi mnofu wa mkatiwo basi. Utomoni wachikasu uja uli ndi mankhwala otchedwa aloini, amene amayabwitsa khungu la anthu ambiri ndipo munthu akawamwa amatsegula m'mimba. Iwe unathyola tsamba n'kulikhutiza pomwepo pamkono, ndiye kuti chimene chinayamba kufika pakhungu lopsalo ndi utomoniwo, chifukwa ndi umene umatuluka msanga tsamba likangodulidwa. Ndikukhulupirira kuti kuyabwa kwako kwachokera pamenepa.

Kakonzedwe koyenera sikovuta koma kamafuna kudekha. Sankha tsamba la kunsi ndi kunja kwa chomera chokhwima, lonenepa bwino, chifukwa masamba anthete a pakati alibe mnofu wokwanira ndipo kuwadula kumafooketsa chomeracho. Lidule ndi mpeni woyera pafupi ndi tsinde, kenako uliimike m'kapu mbali yodulayo ili pansi kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo uona madzi achikasu akudontha n'kusonkhana pansi pa kapuyo. Amenewo ataye. Tsuka tsambalo ndi madzi oyera, sambanso m'manja ndi sopo, dula mbali ziwiri za minga zija, kenako lowetsa mpeni pansi pa chikopa cha mbali yafulati n'kuchisenda. Mnofuwo uupale ndi supuni, koma usakande kwambiri mpaka kufika pachikopa cha pansi, popeza utomoni wotsala umakhala pamenepo. Pomaliza uutsukuluze mnofuwo m'madzi mpaka pasaoneke kachikasu kapena kobiriwira kalikonse. Ukafuna kuti upakike bwino, uuphwanye ndi foloko m'mbale yoyera mpaka usanduke madzi onanda.

Waona kuti zonsezi zimatenga pafupifupi nthawi yofanana ndi mphindi 20 za madzi zija. Ngati pali wina panyumba, iye azikonza tsamba pamene wopsayo ali pamadzi. Ukhalenso wotsimikiza kuti chomera chako ndi alovera weniweni, chifukwa ena amamusokoneza ndi khonje. Tsamba la khonje ndi lolimba, la ulusi mkati, lili ndi munga wakuthwa kunsonga ndipo madzi ake amayabwa koopsa, pamene la alovera ndi lofewa ndipo ukalithyola mulibe ulusi.

Kufooka kwa jelo wa tsamba ndi kwakuti sakhalitsa. Pafupifupi magawo 99 pa 100 aliwonse a mnofu uja ndi madzi, ndipo mulibe choteteza kuti asaonongeke, choncho tizilombo timaswana mosavuta. Ukamusiya panja amaonongeka pa tsiku limodzi, ndipo m'firiji, m'kabotolo koyera kotseka bwino, amakhala pafupifupi sabata imodzi. Ukaona kuti wasintha mtundu n'kuyamba kufiirira kapena kuda, kapena akununkha mosasa, umutaye osamvera chisoni. Ukakhala ndi wambiri ungamuumitse m'timabokosi topangira ayezi ndipo amakhala miyezi ingapo, koma uzimusungunula kaye usanapake pamalo opsa. Ineyo ndinapakapo jelo amene anagona masiku ambiri chifukwa chokana kutaya, ndipo khungu linafiira ndi kuyabwa kwa masiku angapo. Kuyambira pamenepo ndimadula kachidutswa kongokwanira tsiku limenelo, tsamba lotsalalo n'kulikulunga ndi kuliika m'firiji, chifukwa mnofu umasungika bwino ukakhala m'chikopa chake.

Jelo wogula alibe vuto limeneli, chifukwa opanga amachotsa utomoni uja n'kuthiramo mankhwala oteteza kuti asaole. Anthu ena amanyansidwa akamva za mankhwala otetezawo, koma ine ndimawayamikira, pakuti popanda iwo botolo lotsegulidwa tsiku ndi tsiku likanadzaza ndi nkhungu. Vuto lake lili kwina, ndipo ndi lakuti si botolo lililonse lojambulidwa tsamba la alovera limene muli alovera wambiri. Usakhulupirire chithunzi kapena mawu aakulu a kutsogolo. Tembenuza botololo uwerenge mndandanda wa zimene zilimo, umene umalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsika m'munsi. Dzina la chomerachi limalembedwa kuti Aloe barbadensis, ndipo liyenera kukhala loyamba kapena lachiwiri. Ukalipeza chakumapeto, pambuyo pa zonunkhiritsa ndi utoto, dziwa kuti ukugula madzi olimbitsidwa okhala ndi kadontho chabe ka alovera. Ngakhale mawu akuti 100% nthawi zina amangotanthauza kuti alovera amene athiramoyo ndi wosasakaniza, osati kuti botolo lonselo ndi alovera.

Pa mndandandawo pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna uzipewe. Choyamba ndi alikoholo, amene amathiridwa kuti jelo aziuma msanga ndi kumveka kuzizira, koma pakhungu lopsa amalasa ndipo pakhungu louma amaonjezera kuuma. Chachiwiri ndi zonunkhiritsa, zimene ndi gwero lodziwika la zidzolo. Mtundu wobiriwira wowala uja ndi utoto chabe, chifukwa monga waonera wekha mnofu weniweni ulibe mtundu. Yang'ananso kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kamene kamanena miyezi imene jeloyo angagwire ntchito kuchokera tsiku limene wamutsegula.

Pa funso lako ndiyankha motere. Pa kupsa kwa pamwamba, kumene khungu langofiira ndi kuwawa koma silinang'ambike, monga kwako kapena kupsa ndi dzuwa, onse awiri angathandize mofanana, malinga wa tsamba wakonzedwa bwino ndipo wogulayo alibe alikoholo ndi zonunkhiritsa. Koma kwa iwe amene umakhala wotanganidwa, ndikadakonda usunge botolo labwino, chifukwa ngozi siidikira kuti tsamba lidonthe. Paka pang'ono, mopyapyala, kawiri kapena katatu pa tsiku, osatikita. Pakali pano siya kaye zonse mpaka zidzolozo zitatha, uzingotsuka ndi madzi oyera. Zikatha, yesa kadontho mkati mwa mkono winawo n'kudikira maola 24, popeza pali anthu ena amene thupi lawo siligwirizana ndi alovera wamtundu uliwonse. Pakayabwanso, ndiye kuti iwe ndi mmodzi wa iwo ndipo umusiyiretu.

Pali malire amene sindikufuna uwadumphe. Khungu likatuluka matuza usawaphulitse, ndipo akaphulika okha usaikepo alovera, makamaka wa tsamba, chifukwa ngakhale utamutsuka chotani amakhalabe ndi tizilombo ndipo pamenepo khomo la thupi ndi lotseguka. Jelo wogulanso sanapangidwire mabala otseguka. Pita kuchipatala ngati malo opsawo aposa chikhatho cha wopsayo, ngati ali kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizira mafupa, ngati wapsa ndi magetsi kapena mankhwala, ndiponso ngati wopsayo ndi mwana wamng'ono kapena wokalamba. Chimene chimanyenga anthu kwambiri ndi bala loyera kapena lakuda, louma ngati chikumba, limene silikuwawa. Kusawawako kumasonyeza kuti lapsa mozama mpaka mitsempha yomvera ululu yafa, ndipo limenelo ndi lachangu kuposa onse. Bala laling'ono nalonso likayamba kutupa, kutuluka mafinya, kufiira mofalikira kapena kukupatsa malungo, usazengereze.

Unatchulanso za miyendo yako imene imatuwa ndi kuthetheka, ndi kuti ukapaka alovera zimakhala bwino kwa kanthawi kenako khungu limakoka. Chifukwa chake ndi madzi aja. Alovera amanyowetsa khungu koma alibe mafuta otsekera chinyezicho, choncho madziwo akauluka pamatsala kakhungu kopyapyala kokoka, ndipo ngati jeloyo ali ndi alikoholo umatsala wouma kuposa poyamba. Ukangotuluka kosamba, dzipukute pang'ono khungu likadali lonyowa, paka alovera mopyapyala, dikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako pakapo vaselini kapena mafuta odzola olemera pamwamba pake. Mafutawo ndi amene amagwira ntchito yaikulu, moti utati usankhe chimodzi chokha pa khungu louma ndingakuuze kuti utenge mafuta. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku yotereyi jelo wogula ndiye woyenera, pakuti chomera chimodzi sichingakupatse tsamba tsiku lililonse osafooka. Chepetsanso madzi otentha kwambiri ndi sopo waukali posamba. Ngati patatha milungu iwiri khungu likung'ambikabe, kutuluka magazi kapena kuyabwa mpaka kukulepheretsa kugona, kaonane ndi dokotala chifukwa mwina ndi nthenda ya pakhungu yofuna mankhwala ake.

Kupsa kwa pamwamba ngati kwakoko kumapola pasanathe sabata imodzi ndipo kawirikawiri sikusiya chipsera, ngakhale khungu lingasendeke pang'ono. Uziphimba mkonowo padzuwa mpaka mtundu wake utabwerera, ndipo undilembere pakatha masiku atatu undiuze ngati zidzolozo zachepa komanso ngati patuluka thuza lililonse.

Ndine mayi ako wokukonda.