Lipoti la ulendo wa ku Tete pa nkhani ya unzika wa ana obadwira ku Malawi

A mpando, mafumu athu, amayi ndi abambo, munandituma ku msonkhano wa masiku awiri mumzinda wa Tete kuti ndikamve za abale athu amene anabadwira kutsidya nthawi ya nkhondo. Ndabwerako bwino. Ndalama ya chapa ndi ya malo ogona ndawerengera kale kwa asungichuma, ndipo yotsala ndabweza. Olankhula anali katswiri wa malamulo mmodzi ndi anthu awiri ogwira ntchito ya kalembera. Zambiri zinali m'Chipwitikizi, koma ife a ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga tinkapempha kuti abwereze m'Chinyanja mpaka timve.

Ndiyambe ndi pamene ine ndinachita manyazi. Ndinaimirira n'kufunsa monga munandilembera, kuti ana athu obadwira ku Dedza ndi ku Ntcheu angabwezeredwe bwanji unzika wawo. Katswiri uja anandifunsa kuti anawutaya liti. Ndinasowa choyankha. Iye anafotokoza kuti kubwezeredwa n'kwa munthu amene anali nawo unzika kenako n'kuutaya, mwachitsanzo uja anatenga mwa kufuna kwake unzika wa dziko lina pa nthawi ya lamulo la 1975, kapena mayi amene anautaya chifukwa chokwatiwa ndi mwamuna wa dziko lina. Nkhani ya anthu otere ili pa ndime 32 ya malamulo aakulu a dziko a 2004. Woti abwezeredwe ayenera kukhazikika kuno ku Mozambiki, kupatula mayi uja wa ukwati, amene amangopempha. Koma ana athu ambiri sanataye kanthu. Iwo njira yawo ili pa ndime 23, imene imati mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambiki, ngakhale anabadwira kunja, ndi nzika ngati wanena yekha pamaso pa akalembera kuti akufuna kukhala nzika, atakwana zaka 18. Ngati ali wamng'ono, makolo amamunenera.

Kusiyana kumeneku si kwa mawu chabe. Wolowera pa ndime 23 amawerengedwa nzika ya chibadwa, monga ine ndi inu. Safunika kudikira zaka 10 akukhala kuno monga mlendo wopempha unzika, kapena zaka zosachepera 5 za ukwati monga wolowera pa banja. Ndipo anthu olowera njira ziwiri zomalizazi ndime 30 imawaletsa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo, nduna ya boma, kazembe kapena msilikali wa ntchito. Choncho mwana wanu akapita ku ofesi asakanene kuti akupempha unzika ngati mlendo. Akanene kuti ndi mwana wa nzika.

Chachiwiri chinakhumudwitsa ambiri m'chipindamo. Kubadwira ku Malawi pakokha sikupangitsa munthu kukhala Mmalawi. Lamulo lawo la 1966 limafuna kuti kholo limodzi likhale nzika ya Malawi. Mukudziwa kuti anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kumeneko nkhondo isanathe ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, ndipo ana ambiri anabadwira m'misasa ndi m'midzi ya abale. Ngati bambo ndi mayi onse anali othawa nkhondo, mwanayo alibe unzika wa Malawi, ndipo nkhani ya unzika wapawiri siimukhudza n'komwe. Ali ndi khomo limodzi lokha, la kuno, ndipo likachedwa kutsegulidwa amakhala munthu wopanda dziko pa mapepala, ngakhale manda a agogo ake onse ali pa Domwe.

Tsiku lachiwiri ndinapereka nkhani ya mlongo wathu uja amene anandilola kuti ndiitchule popanda dzina, ndipo tinaiyenda phazi ndi phazi. Ndikhalitsa pamenepa chifukwa nkhani yake ikufanana ndi ya mabanja ambiri ali pano.

Iye anabadwa mu 1988 m'mudzi wina kufupi ndi Dedza. Bambo ake anali a kuno, anathawa mu 1986, ndipo anamwalira. Mayi ake ndi Mmalawi, ali moyo. Mlongoyu ali ndi chiphaso cha unzika cha Malawi chimene anatenga pa kalembera wa 2017, koma anakwatiwa kuno, amalima mbatatesi kuno, ndipo alibe bilyete, chiphaso cha unzika cha kuno. Katswiri uja sanafunse kanthu za iye poyamba. Anafunsa kuti pepala la bambo lili kuti. Apa m'pamene pali fupa la nkhani yonse: boma la kuno silikayikira kuti mlongoyu alipo, likufuna umboni wa zinthu ziwiri, wakuti bamboyo anali nzika ya Mozambiki, ndi wakuti mlongoyu ndi mwana wa bambo ameneyo.

Umboni woyamba umachokera m'buku la kalembera wa kubadwa ku konservatoriya ya dera limene bambo analembetsedwa. Sedula yakale, kabuku kaja ka kubadwa, kapena bilyete lotha nthawi lisatayidwe, ngakhale linadyedwa ndi chiswe m'mbali, chifukwa manambala ali pamenepo amathandiza akalembera kupeza tsamba la m'bukumo ndi kutulutsa setidawu yathunthu, imene imatchula makolo ndi malo obadwira. Ngati kholo lili moyo koma silinalembetsedwepo, liyambe ndilo kulembetsedwa mochedwa, ndi mboni zodziwa kumene linabadwira, kenako mwana atsatire. Kholo likamwalira lisanalembetsedwe, kapena buku linapsa pa nkhondo, nkhani imatalika ndipo imafuna mboni ndi maumboni ena othandizira. Apa anatchula makalata a ubatizo a ku mamishoni monga ku Lifidzi ndi kalata ya mfumu. Zimenezi zimathandizira kokha, sizilowa m'malo mwa buku la boma. Mwamwayi, sedula ya bambo a mlongo wathu ili m'chitini kwa mchimwene wawo.

Umboni wachiwiri ndi setifiketi ya kubadwa ya ku Malawi. Mu 1988 kulembetsa mwana kumidzi ya ku Malawi sikunali kokakamiza, choncho mlongoyu alibe. Ayenera kupita ku ofesi ya kalembera wa dziko pa boma la Dedza, akalembetse mochedwa, mayi ake ndi mfumu ya mudzi umene anabadwira achitire umboni. Setifiketiyo ikatuluka imadindidwa ku unduna wa zakunja ku Lilongwe ndi ku ofesi ya kazembe wa Mozambiki, kenako imamasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, osati mphunzitsi wa pamudzi ngakhale adziwe zilankhulo zonse ziwiri. Akatero amanena mawu aja ofuna unzika ku konservatoriya, kapena ku konsulado ngati akukhala kunja, ndipo mapepala amapita ku kalembera wamkulu ku Maputo, kumene nkhani za unzika zimalembedwa. Bilyete limabwera pambuyo pa zonsezi.

Titayala mapepala patebulo, vuto linaoneka. Pa sedula bambo analembedwa Juwawo, ndipo dzina lachiwiri ndi la atate awo, monga ankalembera Apwitikizi. Ku Malawi anthu ankawadziwa kuti a Yohane, ndipo ankawatchula ndi mfunda. Ife tikudziwa kuti ndi munthu mmodzi. Kalembera wa ku Maputo, amene sanamwepo madzi a kuno, adzaona amuna awiri. Langizo la olankhula aja linali losavuta, ndipo kwa ine ndilo linalipira ulendo wonse: popeza setifiketi ya ku Malawi sinatuluke, mlongoyu atenge sedula ya bambo m'manja popita ku Dedza, kuti dzina lilembedwe chilembo ndi chilembo monga lilili pa sedula. Kukonza dzina pepala litatuluka kale kumadya miyezi ndi ndalama. Muonetsetsenso zaka. Panali bambo wina wa ku Zobuwe amene mapepala ake amasonyeza kuti mayi ake anamubereka ali ndi zaka 9, chifukwa wolemba anangoyerekeza chaka poyang'ana nkhope.

Tsopano ndinene chimene ena simudzachikonda. Tonse tikudziwa njira yachidule: kupeza mboni ziwiri zonena kuti mwana anabadwira ku Ulongwe, bilyete n'kutuluka msanga. Ambiri anatero atabwerako mu 1993 ndi 1994, ndipo sindiwaweruza, inali nthawi ya njala ndi chipwirikiti. Koma kunena zabodza kwa kalembera ndi mlandu, kwa mwiniwake ndi kwa mboni zomwe. Komanso munthu wotere amakhala ndi malo awiri obadwira, Ulongwe pa pepala lina, Dedza pa lina. Tsiku limene adzafune unzika wapawiri ayenera kuonetsa mapepala onse awiri pa tebulo limodzi, ndipo bodza lija lidzadziulula lokha. Amene ali kale mumsampha umenewu akaonane ndi wodziwa malamulo asanapereke pepala lililonse.

Za mbali ya Malawi ndidutsa mwachangu. Nyumba yawo ya malamulo inavomereza unzika wapawiri mu Disembala 2018, kwa nzika za chibadwa ndi za mtundu wa makolo, ndipo ndondomeko yake inatuluka mu 2021. Kale munthu wa maunzika awiri ankataya wa Malawi pa tsiku lokwanitsa zaka 22 ngati sanakane winawo. Mlongo wathu anakwana zaka 22 mu 2010, koma panthawiyo anali asanatenge unzika wa kuno, choncho malinga ndi katswiri uja sanataye kanthu. Akadzalandira wa Mozambiki akadziwitse a zolowa ndi kutuluka a ku Malawi kuti alembedwe monga wa maunzika awiri. Amene anatenga bilyete la kuno kalekale n'kudutsa zaka 22 lamulo lisanasinthe, ameneyo ndiye wopempha kubwezeredwa unzika wa Malawi, ndipo umboni wake ndi mapepala a kholo la ku Malawi. Konsulado ya Malawi ili mu Tete momwemo, mafunso angayambire kumeneko.

Kuno kwathu, malamulo a 2004 sachotsa munthu unzika chifukwa chongotenga wa dziko lina. Amautaya amene wanena yekha kuti sakuufuna. Koma ndime 33 imati ukakhala mkati mwa Mozambiki, boma limakuona ngati nzika ya kuno basi. Ukagwa m'mlandu pa Kalomwe mbali ya kuno sungaimike pasipoti ya Malawi kuti ndiwe mlendo, ndipo wachinyamata wofika zaka 18 kalembera wa usilikali amamukhudza monga anzake onse. Makolo muwauze anawo zimenezi asanasaine.

Pempho langa kwa a mpando ndi lakuti Loweruka likubwerali banja lililonse libweretse mapepala a makolo, amoyo ndi omwalira, ngakhale ong'ambika. Alembi ndi ine tidzakhala ndi kope, tilembe dzina la kholo monga lilili pa pepala lililonse, chaka ndi malo obadwira mwana, ndi kuti kholo la ku Malawi lilipo kapena ayi. Tidzayamba ndi mabanja amene kholo lake ndi lokalamba ndipo silinalembetsedwe, tiwaperekeze ku Ulongwe mvula isanawononge msewu.