Za Ndakatulo Yako ya pa Chiliza cha Agogo

Mwana wanga,

Ndakatulo yako ndaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza, chifukwa ndi mmene anthu akaimvere kumanda. Pali malo amodzi amene andikhumudwitsa:

Agogo mwatisiya, wasweka mtima,
Ndani adzatiphikiranso nsima?

Bambo ako atamva anaseka, kenako n'kuchita manyazi. Mawu akowo ndi oona, vuto ndi kamvekedwe. Mtima ndi nsima akufanana ndendende kuyambira pa i mpaka kumapeto, ndipo wawaika m'mizere yotsatizana, njira imene m'mabuku amailemba AABB. Mzere woyamba ukangotha, khutu limadziwiratu chimene chikubwera, ndiye chikafika chimagwa ngati nthabwala. Zimenezi zimakoma pa ukwati kapena m'nyimbo ya ana. Pa chiliza ayi.

M'ndime ya mizere inayi njira zilipo zina. Pa ABAB woyamba umayankhana ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi. Pa ABBA awiri apakati amagwirizana okha, woyamba n'kudikira wachinayi. Ine ndikadasankha ABCB: wachiwiri ndi wachinayi okha, inayo n'kuisiya yomasuka kuti unene zimene ukufuna osakakamiza mawu.

Kumbukiranso mmene Chichewa chathu chilili. Liwu lililonse limathera lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera a. Ndime yako yachitatu yonse ikuthera tikulira, tikukumbukira, tikudikira, tikupirira. Pamenepo sunachite kusankha, ndi -ira wangodzibwereza yekha, ndipo omvera amatopa. Komanso a wakumapeto yekha sakwanira. Mtima ndi nyanja palibe angamve kuti akuyankhana, poti ife timatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo khutu limatchera pamenepo.

Ndiye sintha pomwepo, phatikizo lomaliza ulisunge. Mvula ndi njala. Mudzi ndi madzi. Amafanana koma osafikapo, ngati abale a mimba zosiyana. Ndinayesako usiku, usandiseke:

Nkhuni zanu zikadali pakhonde,
Mawu anu asowa m'mudzi,
Mtsuko uli pomwe munausiya,
Wachita kuuma, mulibe madzi.

Khutu limayembekezera -udzi, n'kulandira -adzi. Limakhuta pang'ono, kwinako n'kutsala ndi njala, ndipo kuperewera kumeneko n'kofanana ndi zimene ndimeyo ikunena, kuti pakhomo pasowa munthu. Chenjera chimodzi: mawu ofanana pang'ono safuna kutalikirana. Ukawaika kumalekezero a ABBA, pakati pali mizere iwiri yaitali, womvera adzakhala ataiwala mudzi asanafike pa madzi.

Ndime yomaliza ija, ya kuwala ndi kuvala, usaikhudze. Ikunena za chiyembekezo, ndipo pamenepo kufanana kwathunthu kukukhala bwino, makamaka zikakhala kuti m'ndime zam'mbuyo khutu lakhala likumanidwa.

Za nsimazo usazitaye, agogo ako ankaidziwadi. Ingozilowetsa pakati pa mzere. Unditumizire yokonzayo Loweruka lisanafike, malume ako akufuna kuyeseza kuwerenga.

Ndine mayi ako.