Ngongole ya pa foni pa vuto la dzidzidzi: tiletse kapena tilole?

A Mlangizi,

Ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kuno ku Mangochi, chakumadera a Makanjira. Tilipo anthu 25, ambiri ndi amayi a geni ya usipa ndi utaka wouma. Ndikulemberani chifukwa gulu lagawanika pa nkhani ya ngongole zimene anthu akumatenga pa foni, ndipo pali mayi mmodzi amene nkhani yake ikudikira chigamulo Lachinayi likubwerali. Dzina lake sinditchula, kampani imene anakongolako sinditchulanso. Ziwerengero zokha ndikupatsani monga zilili mu mauthenga a pa foni yake, popeza anandilola kuziona. Makampani amasiyana mitengo ndi masiku, choncho wina asatenge ziwerengerozi ngati za aliyense.

Mayi ake a membala wathuyu anadwala mwakayakaya usiku. Galimoto ya hayala yopita ku boma inafuna K45,000, ndipo panafunikanso ya mankhwala ndi chakudya cha wodikirira matenda. Gulu lathu limakumana kamodzi pa sabata, bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi ali ndi anthu atatu a midzi yosiyana. Usiku umenewo bokosi silikanatsegulidwa. Iye anadina pa foni, napempha K60,000, ndipo mphindi ziwiri zisanathe ndalama inali italowa. Pamenepa sindimudzudzula. Palibe wa katapila kapena mbale amene akanamupatsa ndalama mwachangu chotero, osafunsa chikole.

Foni inamuuza kuti chiwongoladzanja ndi 10 peresenti, abweze pakatha masiku 14. Anthu ambiri akamva 10 peresenti amafanizira ndi 20 peresenti ya ku gulu, n'kunena kuti ya pa foni ndi yotchipa ndi theka. Apa ndi pamene amaphonya. Ya ku gulu ndi ya mwezi wathunthu, ya pa foniyi ndi ya masabata awiri. Mukaiyika pa mwezi imafika 20 peresenti yomweyo n'kupitirirako pang'ono, ndipo pa chaka, munthu atamabwereza masabata awiri aliwonse, ndi maulendo 26, kutanthauza 260 peresenti. Komanso K6,000 imeneyo siitsika ngati mwabweza msanga. Kubweza pa tsiku lachitatu kapena la 14, mtengo wake ndi womwewo. Munthu wobweza mawa lake, poganiza kuti akuchita mwanzeru, ndiye walipira K6,000 pa ndalama imene wagona nayo usiku umodzi.

Chinanso, woyendetsa galimoto anafuna ndalama m'manja. Potapa kwa ejenti anadulidwa K2,000. Ndiye chimene mayiyu anagwira ndi K58,000, koma chobweza ndi K66,000. Kusiyana kwake ndi K8,000, pafupifupi 14 peresenti ya ndalama imene inamuthandizadi. Zikanathera pomwepa, ine ndikanati K8,000 pa moyo wa kholo si kanthu, ndipo kalata ino sindikanalemba.

Vuto linabwera ndi tsiku lobweza. Foni imawerenga masiku, koma geni ya nsomba siiyenda ndi kalendala. Mayiyu amagula usipa kwa asodzi, amauyanika pa thandala, amautumiza ku Limbe, ndipo amene amamugulitsira amatumiza ndalama katundu akatha, pena pakapita sabata, pena masabata atatu. Nthawi imeneyo mwera unali ukukuntha, asodzi samalowa m'madzi, ndipo iye anali ku chipatala, osati pa doko. Tsiku la 14 linafika mu foni mulibe kanthu. Mawa lake panabwera uthenga wa chilango cha K3,000, ngongole inafika K69,000.

Tsiku la 18 wa ku Limbe uja anatumiza K25,000 ya nsomba zimene zinali zitagulidwa. Uthenga wolandira ndalama unalowa, pambuyo pake pomwepo unalowa wina wonena kuti K25,000 yadulidwa kubweza ngongole. Mayiyu anaganiza kuti waberedwa, anapita kwa ejenti akulira. Sanaberedwe. Podina kuvomera ngongole ija anavomeranso kuti tsiku likadutsa, ndalama iliyonse yolowa pa nambala yake izidulidwa yokha, ndipo mfundo zimenezo ndi anthu ochepa amene amaziwerenga, makamaka usiku wodwala ali chigonere. Koma K25,000 imeneyo sinali phindu. Unali mpamba wogulira nsomba zina, ndipo mbali ina inali ya msodzi amene anamupatsa usipa pa ngongole. Mtengo umenewu foni siikuuzani: ulendo umodzi wa geni unatayika, msodzi uja anayamba kupereka nsomba kwa wina. Pa tsiku la 22 panawonjezeka chilango china cha K3,000. Pamene ndikulemba pano, yotsala ndi K47,000.

Tsopano wayamba kuuza makasitomala kuti azitumiza ndalama pa nambala ya mlamu wake kuti isadulidwe. Ambiri amatero, ndipo ndikuona kuti ndi dzenje lina. Ngongole siitha, chilango chikupitirira, ndipo ndalama ya geni ili m'manja mwa munthu amene naye ali ndi mavuto ake. Ena amataya simu n'kugula ina, kuiwala kuti nambala iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Ngongole imatsata dzina la munthu. M'dziko muno muli mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amafufuzako asanakupatseni ngongole. Munthu atha kudzakanizidwa ngongole ya injini ya boti chifukwa cha K47,000 imene anaithawa kalekale. Ndi chifukwa chomwecho ndimakaniza amayi kupatsa ana awo foni ndi nambala yachinsinsi: mwana akakongola, wokongola ndi mwini dzina.

Funso langa loyamba ndi la mayiyu. Ena m'gulu akuti timupatse ngongole ya K47,000 atseke ya pa foni. Ndawerengera: pa 20 peresenti adzabweza K56,400 pakutha pa mwezi. Mukaphatikiza ndi K25,000 imene inadulidwa kale, zonse pamodzi ndi K81,400 pa ndalama ya K58,000 imene anagwira. Ndiye kuti vuto la usiku umodzi lamudyera K23,400 m'miyezi pafupifupi iwiri, 40 peresenti. Akapanda kutseka, chilango cha K3,000 pa sabata chikapitirira ndi K12,000 pa mwezi, kuposa K9,400 ya ku gulu, ndipo foni yake ikhalabe yosalandirira ndalama. Ya ku gulu ili ndi ubwino wina: chiwongoladzanja chimatsala m'bokosi, ndipo tikamadzagawana kumapeto kwa chaka iye adzapezako gawo lake. Pa masamu pokha, kumupatsa n'kwabwino.

Koma lamulo lathu limati munthu akongole zosapitirira katatu masheya ake. Iye ali ndi masheya a K12,000, malire ake ndi K36,000. Kumupatsa K47,000 ndi kuphwanya lamulo, ndipo amene tinawakaniza mwezi watha adzafunsa kuti iwo analakwa chiyani. Kumupatsa K36,000 yokha, pa foni patsala K11,000, ndipo chilango chimene ndachiona mu mauthenga ake sichinatsike pamene ngongole inatsika kuchoka pa K69,000 kufika pa K44,000, chinali K3,000 yomweyo. Atha kukhala ndi ngongole ziwiri, chilango chikuyendabe. Wapampando wathu akuti ngongole yobwezera ngongole ina siibereka kanthu, chifukwa siigula nsomba, ndipo kuti tikungosamutsa vuto kuchoka kwa kampani kuliika pa amayi 24. Sindikumutsutsa. Kodi inu mukanatani? Kodi ndi bwino kuti ayambe wapita ku ofesi ya kampaniyo ku boma kukapempha kuti aimitse chilango n'kugwirizana zobweza pang'onopang'ono, ndipo akapita anyamule chiyani kupatula chiphaso ndi mauthengawa?

Funso lachiwiri ndi la gulu lonse. Theka likufuna lamulo lakuti membala asatenge ngongole ya pa foni, akatenga asadzapemphe thandizo kuno. Ine ndikuona kuti lamulo lotere silingagwire, anthu azingobisa, ndipo matenda a usiku sadikira Lachinayi. Chimene ndakhala ndikuwauza ndi chakuti asanadine kuvomera adzifunse kuti ndalama yobwezera ichokera kwa yani ndipo ifika tsiku liti. Mphunzitsi amene malipiro ake atsala masiku asanu atha kutenga, alipira K6,000 yake, nkhani yatha. Mayi amene ndalama yake ili mu nsomba zimene sizinagulitsidwe, kapena nthawi imene boma latseka nyanja kuti nsomba ziswane, tsiku alibe, ali ndi chiyembekezo chabe. Kwa iye mtengo weniweni suli pa 10 peresenti, uli pa chilango ndi kudulidwa kwa mpamba. Ndimawauzanso kuti atenge ndalama ya vutolo yokha, osati yonse imene foni yawalola, komanso kuti ngati woyendetsa galimoto kapena wa sitolo ya mankhwala ali pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ayerekeze mtengo womutumizira ndi wa kutapa asanapite kwa ejenti.

(Palinso aja amatumiza uthenga kuti mwasankhidwa kulandira ngongole ya K500,000, muyambe mwatumiza K10,000 yolembetsera. Amenewo si obwereketsa, ndi akuba. Ngongole yeniyeni ya pa foni siyamba ndi inu kutumiza ndalama, ndipo palibe wa kampani amene amafunsa nambala yanu yachinsinsi.)

Thumba la za dzidzidzi tili nalo. Aliyense amaponya K200 pa sabata, zonse K5,000, ndipo limathandiza pa maliro ndi matenda popanda chiwongoladzanja. Koma nalo limagona m'bokosi la maloko atatu lija. Ndinapereka ganizo lakuti K60,000 ya thumbali izikhala pa foni, kuti usiku munthu athe kutumiziridwa anthu awiri a komiti atavomereza. Amayi akulu anakana, akuti ndalama ya gulu pa nambala ya munthu mmodzi ndi chiyambi cha mlandu, ndipo wina anafunsa funso limene linanditseka pakamwa: nanga mwini nambalayo atakhala ndi ngongole yake ya pa foni, ndalama ya gulu siidulidwa ngati ija ya usipa? Idulidwadi, foni siidziwa kuti iyi ndi ya gulu.

Ndiye tithandizeni, a Mlangizi. Kodi pali njira yotsegulira akaunti ya gulu imene ndalama siingatuluke popanda anthu awiri kapena atatu kuvomereza, koma yotheka kugwiritsa ntchito usiku kuno kumudzi, kumene banki ili kutali? Ndipo pa mayiyu, tiphwanye lamulo la katatu kamodzi kokha n'kulemba m'buku chifukwa chake, kapena timupatse K36,000 ndipo K11,000 yotsalayo ichokere ku thumba la za dzidzidzi, popeza chiyambi cha zonsezi chinali matenda? Chilango china chigwa Lachisanu.

Ine wanu,
Mlembi wa banki m'khonde,
Makanjira, Mangochi